Nkhomo Zinayi za a Pius

"Geresomo, amuna atha ku Ngabu kuti mundipatse mwana wa sukulu?" anafunsa a Pius, akupukuta thukuta ndi chipewa.

"Khalani pansi, achimwene," anayankha a Geresomo. "Tsabola wakale sawawa. Lero mulawe watsopano."

Anthu amene anadzaza pansi pa mtengo wa nimu kuseri kwa msika anaseka. Tithokoze sanaseke nawo. Maso ake anali pa thabwa la bawo limene linali pakati pa iye ndi a Pius. Thabwalo anasema ndi bambo ake, a Geresomo, iye asanabadwe. Mwambo wa mpikisano wa chaka ndi chaka unali wakuti wopambana amapita nalo kwawo, ndipo zaka zitatu zapitazo a Pius, wogulitsa nsomba wa ku Chiromo, analimangirira pa njinga n'kuwoloka nalo Shire. Chichokereni thabwalo, a Geresomo sankatha sabata osalitchula.

Kulitenganso okha sakanatha, pakuti maso awo anali atachita ng'ala. Kwa zaka ziwiri Tithokoze ndiye anali maso awo. Akaweruka ku sukulu ankakhala pambali pawo n'kumawauza nkhomo zimene zili m'dzenje lililonse, iwo n'kumasankha poponya. Umu ndi mmene mtsikanayu anaphunzirira kuwerenga osakhudza. Abambo a pamsika ankamuona ngati ndodo ya wakhungu chabe, mpaka tsiku la mpikisanoli pamene anagwetsa anayi a iwo dzuwa lisanafike pamutu. Ndi a Pius anali atasewera kawiri, aliyense n'kupambana kamodzi. Awa anali masewera otsiriza.

A Smart, woyang'anira mpikisano, anayala nkhomo. Thabwa linali ndi mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu, iwiri ya aliyense. M'dzenje lachisanu la mzere wakutsogolo wa aliyense, lija lalikulu lotchedwa nyumba, anaikamo nkhomo zisanu ndi zitatu, ndipo m'maenje awiri otsatira kumanja anaikamo ziwiriziwiri. Makumi awiri zotsala aliyense anagwira m'manja.

"Malamulo ndi omwe aja," anatero a Smart. "Ukakhudza dzenje, waponya. Pali chakudya, udye. Ndipo a Geresomo, pakamwa potseka."

"Ndinenenji ine wosaona?" anadandaula a Geresomo. Anthu anasekanso.

Anayamba ndi kutakata, kuja kongoyendetsa nkhomo popanda kudya. Posakhalitsa maenje anayang'anizana ndipo kudyana kunayamba. A Pius ankaponya nkhomo imodzi m'dzenje lawo, n'kukokolola za Tithokoze za m'dzenje loyang'anizana nalo, n'kuzifesa imodziimodzi kuyambira kumapeto kwa mzere wawo. Dzanja lawo linali lachangu ngati likuwerenga usipa, ndipo pakamwa sipankapuma.

"Pyadidi, mwananga, pyadidi. Ukusewera bwino. Ukadzakula udzandivuta."

Kunena zoona, mkulu wa ku Chiromoyu bawo ankaidziwa, ndipo ankadziwanso kuti amaidziwa. Nyumba yake inali itatupa kufika nkhomo khumi ndi zitatu. Kawiri konse nkhomo yake yomaliza inagwera m'nyumbamo, ndipo lamulo linamulola kuinyamula n'kuyenda nayo kapena kugona pomwepo. Kawiri konse anagona, akuisisita ndi chala. Ankaisungira kumapeto kuti adzasese nayo zonse.

Tithokoze atatsala ndi nkhomo zisanu ndi imodzi m'manja, a Pius anafesa n'kusiya nkhomo zinayi m'dzenje loyang'anizana ndi nyumba ya mtsikanayo. Anthu anayamba kunong'onezana. Zinali zoonekeratu: Tithokoze akanapanda kuchotsa zinayizo, a Pius akanaponya pomwepo n'kumudyera nyumba yonse.

"Moto uli pa denga, mwananga," anatero a Pius. "Zima."

Munthu wina ananong'oneza a Geresomo mmene zinalili. Mkuluyo anatsokomola kawiri, chifuwa chimene analibe m'mawa.

"A Geresomo," anachenjeza a Smart.

"Ndi fumbi, bambo."

Tithokoze anamva chifuwacho ndipo anadziwa chimene chinkanena: idya zinayizo, pulumutsa nyumba. Mtima unamupweteka pang'ono, chifukwa anali asanakanepo mawu a bambo ake pa bawo. Koma anali atawerenga kale. Akanadya zinayizo, akanazifesa kuchokera kumanzere, yomaliza n'kugwera m'dzenje lachinayi limene linali lopanda kanthu, iye n'kugona. Dzenje lachinayilo ndi limene linayang'anizana ndi nyumba ya a Pius, ndipo iwo akanangoidya nkhomoyo n'kupitiriza kumufinya pang'onopang'ono. Anayang'ana dzenje lake lachitatu. Munali nkhomo ziwiri, ndipo kutsidya kwake kunali zisanu.

Anaponya m'dzenje lachitatu.

"Wasokera mwana," anatero munthu wina kumbuyo. A Pius anamwetulira mwachisoni ngati munthu wopepesa maliro.

Tithokoze anatola zisanu zija n'kuyamba kufesa kuchokera kumanzere. Yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Yachinayi inagwera m'dzenje lopanda kanthu lija n'kukhalamo. Yachisanu inagwera m'nyumba yake, ndipo poti kutsidya kunali zinayi zija, anazidya. Anabwerera kumanzere n'kuyambanso. Imodzi, ziwiri, zitatu. Asanaponye yomaliza, kumwetulira kwa a Pius kunali kutazima, pakuti nawo anali ataona. Nkhomoyo inagwera m'dzenje lachinayi, limene tsopano linali ndi inzake, moyang'anizana ndi nyumba yawo.

"Odi kunyumba kuno," anatero Tithokoze mwaulemu, akukokolola nkhomo khumi ndi zitatu ndi manja awiri.

Phokoso limene linabuka linachititsa akabaza kusiya njinga zawo pamsewu. Amayi ogulitsa masau, amene m'mawa ankati mtsikana wokhala pa benchi ya amuna sadzakwatiwa, ndiwo anayambitsa nthungululu.

A Pius sanagonje msanga. Analimbikira mpaka nkhomo za m'manja zinatha, aliyense n'kuyamba kunyamula za m'maenje. Koma Tithokoze anawatsata dzenje ndi dzenje, osapupuluma. Pomaliza a Pius anatsala ndi nkhomo zitatu, iliyonse payokha, ndipo nkhomo imodzi siyenda. Anayang'ana thabwa nthawi yaitali, kenako anavula chipewa.

"Nkhabe, iyayi, palibe poyenda," anatero. "Geresomo, mwanayu munamubisa dala."

"Anali pompano zaka ziwiri, achimwene. Wosaona ndimayesa ndine ndekha."

A Smart anakweza dzanja la Tithokoze n'kulengeza kuti katswiri wa chaka chimenecho ndi iyeyo. Iye ananyamula thabwa n'kukaliika pa miyendo ya bambo ake. A Geresomo anayendetsa zala m'maenje onse mpaka anapeza pamene sompho linaterereka kalekale n'kusiya chipsera m'mphepete. Anakondwa kwambiri.

"Undifotokozere mmene unaponyera," anatero.

Tithokoze anagwira chala chawo n'kuchiyendetsa: dzenje lachitatu, zisanu, nyumba, zinayi, dzenje lachinayi. Mkuluyo anawerenga mumtima.

"Ine ndikanadya zinayi zija," anavomera.

"Ndikudziwa, baba. Ndinalipo tsiku lija. Ndi mmene thabwali linapitira ku Chiromo."

A Geresomo anaseka mpaka chifuwa chenicheni chinawagwira. Kenako anasendera kumapeto kwa benchi, malo aja ankakhala Tithokoze, n'kumenya ndi chikhatho pakati pamene iwo anakhalapo zaka makumi atatu.

"Khala apa," anatero. "Kuyambira lero uziponya wekha. Ine uzingondiuza zikatha."