Faifi ya a Bweraninso

Zaka zonse zomwe anagwira ntchito ku banki, bambo ake a Mzime sanavomerepo pempho la ngongole pa ulendo woyamba. N'chifukwa chake ankatchedwa a Bweraninso, ndipo dzinalo linawatsatira mpaka popuma ntchito. Kunyumba zinali zomwezo. Mzime ali kusukulu yogonera konko, akawalembera kalata, ankaibweza itachongedwa ndi cholembera chofiira, ndalama ya sopo ili mkati.

Mzime ankazidziwa bwino zonsezi. Komabe woweruza wina atadwala mwadzidzidzi, mpikisano wa mapulani a bizinesi za achinyamata uli mawa lake, anaimbira iwowo. Munthu wodziwa kuwerenga pulani, wobwera popanda malipiro, satoleka pamsewu.

Mpikisanowo ankayendetsa ndi Mzimeyo, ndipo muyeso woweruzira analemba yekha. Linali pepala limodzi la magawo asanu: vuto lomwe bizinesiyo ikuthetsa, msika, mawerengedwe a ndalama, kuthekera kwa mwini wake, ndi kafotokozedwe. Gawo lililonse woweruza ankapereka malikisi kuyambira wani mpaka faifi, ndipo pambali pa nambala iliyonse panali mawu onena chomwe nambalayo ikutanthauza. Msika ndiye unkalemera kwambiri, malikisi 30 mwa 100. Pansi penipeni panali lamulo lomwe Mzime ankalinyadira: wopereka malikisi osafika faifi alembe m'kabokosi chomwe chikusowa.

Opikisana anagawidwa m'zipinda ziwiri, chilichonse oweruza atatu. Ofika mu ndime yomaliza ankayenera kukhala asanu okha.

Madzulo a tsiku la mpikisanolo Mzime anali m'kachipinda kuseri kwa holo, pakati pa mipando yosanjikizana ndi fani yosazungulira, akulowetsa malikisi mu kompyuta. Wachisanu anali mnyamata wolima bowa, ndi 79. Wachisanu ndi chimodzi anali mtsikana wokonza nsapato za ana asukulu, ndi 78, wochokera m'chipinda cha bambo ake. Mzime anatsegula mapepala a bambowo. Kuyambira loyamba mpaka lomaliza munalibe faifi ngakhale imodzi. Timabokosi tonse tinali todzaza ndi zilembo zawo zosongoka: "Waiwala lendi." "Phindu ili walilota." Koma pa pepala la mtsikana wansapato, pa gawo la msika, panali folo, kabokosi kali mbee.

Anawaitanitsa. Analowa atanyamula jekete pamkono, kapu ya tiyi m'dzanja.

"A woweruza, pepala ili silinathe."

"Iwe, ukuyankhula ndi ndani? Woweruza ndiye ndani pano? Ine ndine bambo ako."

"Kunyumba, inde. Pano mwaiwala kulemba chifukwa."

A Bweraninso anavala magalasi, kuyang'ana, n'kuwavulanso. "Sindinaiwale. Folo ndi folo. Mwanayu wachita bwino kuposa onse m'chipinda muja, ndamupatsa zapamwamba."

"Zapamwamba ndi faifi."

"Faifi ndi ya Mulungu."

"Mulungu sanalembetse nawo mpikisanowu, Bambo. Ndaona mayina onse."

Chitseko chinatseguka, nyimbo za m'holo zinalowa limodzi ndi abwana ake a Mzime, mkulu wa bungwe lokonza mpikisanowo. Ankatuluka thukuta mu suti. Ndi iwowa amene m'mawa anachotsa pa ndondomeko nthawi yoti oweruza onse ayesere limodzi pulani imodzi kuti manja awo afanane, ati malankhulidwe a alendo achuluka.

"Mayina, chemwali, mayina! Mlendo wolemekezeka wayamba kuyang'ana wotchi. Nyimbo imeneyi taibwereza mpaka ana aiphunzira."

"Sindingasaine, bwana. Pali kabokosi kopanda chifukwa."

"Kabokosi?" Abwana anasuzumira. "Kakang'ono kameneka? Akuluakulu, chonde, ingolembanipo chilichonse. Lembani kuti akufunika kulimbikira."

A Bweraninso anaika kapu pansi pang'onopang'ono. "Achimwene, ine chilichonse sindinalembepo. Chilichonse chimalembedwa ndi anthu amene amagwetsa mabanki."

"Ndiye lembani chenicheni," anatero Mzime. Anatenga muyeso n'kuwerenga mokweza, ngati akuwerengera ana. "Folo: wagulitsa kale kwa makasitomala enieni, wasonyeza umboni, koma sakuwadziwa bwino opikisana naye. Faifi: wagulitsa kale, wasonyeza umboni, akuwadziwa opikisana naye ndi mitengo yawo. Chikusowa n'chiti?"

"Bweretsa pulaniyo."

Anakhala pampando wa pulasitiki, pulani pabondo, n'kuyamba kuisaka ngati munthu wofuna nsabwe m'mutu mwa dazi. Mtsikanayo anali atapangana ndi makolo a pasukulu ziwiri: kholo limalipira kamodzi pa teremu, nsapato ya mwana ikang'ambika iye amasoka, chidendene chikatha amaika china. Kumapeto anamata makope a malisiti. Panalinso tsamba la osoka nsapato onse a m'dera lake, aliyense ndi mtengo wake, ngakhale uja wa pansi pa mtengo pafupi ndi siteji ya basi, amene ndi wotchipa koma amasowa mvula ikagwa.

"Malisiti akhoza kukhala abodza," anatero a Bweraninso.

"Akhoza. Munamufunsa?"

"Ndinatenga foni yake n'kuimbira kholo limodzi pomwepo."

"Linati chiyani?"

"Linandifunsa ngati nanenso ndili ndi ana asukulu." Anatembenuza tsamba mwaukali. "Tamvera, Mzime. Mwana ukamupatsa faifi, wamuuza kuti wafika. Pa bizinesi safika. Ndawaona ine oomberedwa m'manja, chaka chamawa akugulitsa mashelefu."

"Mwina n'zoona. Koma amene anapita chipinda chinacho anapeza oweruza odziwa kulemba faifi. Uyu tsoka lake n'loti anatsegula chitseko chanu. Tikuweruza mapulani kapena zitseko?"

Abwana anaomba m'manja kamodzi. "Basi, ndapeza nzeru. Chotsani malikisi onse a akuluakuluwa. Titenge a oweruza awiri otsalawo, tizipita."

"Zabwino," anatero a Bweraninso, akudzuka ndi kutola jekete. "Chotsani. Ine sindinapemphe kubwera kuno. Ndinali ndi nkhuku zanga zofuna katemera."

"Lamulo lotero mulibe mu muyeso, bwana," anatero Mzime. "Koma poti ndimakonda masamu, ndinayesa kale." Anatembenuza kompyuta kuti onse aone. "Tikachotsa Bambo, mtsikanayu amadutsadi wa bowa. Koma amadutsidwa ndi wina wochokera pansi, n'kukhalabe wachisanu ndi chimodzi. Wolowa ndi mnyamata wa tayi uja."

Jekete linaima m'malere, mkono umodzi utalowa.

"Wa tayi uti? Wa pulogalamu ya pa foni yomwe kulibe?"

"Yemweyo. Anzanu awiri aja anamukonda. Amayankhula bwino."

"Ndinamufunsa kasitomala wake woyamba, anati dziko lonse! Mwana ameneyo akugulitsa mphepo!"

"Amene wamugwira mwendo ndinu nokha. Mukatuluka pakhomopo, akulowa."

A Bweraninso anayang'ana chitseko, kenako kabokosi, kenako mwana wawo. Mzime anawerenga pa zala, mwaulemu wonse.

"Njira zilipo zitatu, Bambo. Mulembe chosowa chomwe inu mukudziwa kuti sichikusowa. Kapena muchoke, abwana alowetse wa tayi. Kapena mulembe nambala ija."

"Wanditchera msampha."

"Ine ndinangolemba pepala. Munalowamo nokha."

"Chemwali," anatero abwana, mawu atatsika, "ukudziwa kuti kontrakiti yako ikutha mwezi uno? Saina zomwe zilipozi. Folo, faifi, akudziwa ndani?"

"Ndikudziwa ine. Ngati n'kofulumira, sainani inuyo, mukawerengenso nokha mayinawo. Wina akadzafunsa mapepala, mudzamufotokozere za kabokosika."

Abwana sanatambasule dzanja. M'holo nyimbo ija inayambiranso, ndipo wina pa maikolofoni anapempha anthu kuti apitirize kudekha.

A Bweraninso anavula mkono wa jekete uja n'kukhalanso pansi. Anatulutsa cholembera chofiira m'thumba la malaya.

"Wa bowa uja ali ndi zingati?"

"79."

"Faifi yangayi ikwezera mtsikanayu zingati?"

"Malikisi 6 pa pepala lanu. Tikagawa kwa oweruza atatu, awiri. Afika 80."

"Ndiye ukudziwa kuti ikugwetsa mwana wa eni ake amene sanandilakwire."

"Ndikudziwa. Ndikamuuza ndekha, ndipo akafuna mapepala ake ndimuonetsa."

"Hmm." Anawerenganso mawu a pa muyeso, milomo ikugwedera, chala chikutsata mzere, ngati angapeze potulukira pakati pa zilembo. Sanapapeze. Anakhwatcha folo ndi mzere umodzi wowongoka, kusaina pambali monga amachitira ku banki, n'kulemba faifi. Inatuluka yopindika, yonga mbedza.

"Iyi si yanga," anatero. "Ndi ya pepala lakoli. Ukamuuza mayi ako, ndikukana."

Mzime anasintha nambala mu kompyuta, mayina awiri anasinthana malo, anasindikiza n'kusaina. Abwana analanda pepalalo.

"Lolemba m'mawa, mu ofesi mwanga."

"Ndibwera, bwana. Ndibweretsanso ndondomeko ya m'mawa ija, tidzaone pamodzi chomwe chinachotsedwa."

Chitseko chinamenyetsedwa. Nyimbo inadulidwa pakati. Kudzera kukhoma ankamva mayina akutchulidwa limodzi limodzi, ndipo pa dzina lachisanu panamveka kukuwa kwa mtsikana, ndi mpando ukugwa.

A Bweraninso ankamwa tiyi wawo wozizira uja, muyeso uli m'dzanja lina.

"Pepala lakoli," anatero, "silonyansa kwenikweni. Ndalipatsa folo."

Mzime anatola mapepala a mnyamata wa bowa, amene ankayenera kukamupeza anthu asanabalalike. Asanatuluke anasendeza cholembera chofiira chija patebulo.

"Mukudziwa lamulo. Lembani chomwe chikusowa."

Mzime ankaganiza kuti bambowo akalipa. Koma anavala magalasi, kutembenuza pepalalo kuseri kopanda kanthu, n'kuyamba: "Choyamba, silikunena chochita awiri akafanana malikisi. Chachiwiri..."

Mzime atafika pachitseko anacheuka. Anali afika kale pakati pa tsamba.