Perefyumu ndi Zenera Losatsegulidwa

Kalata ija inali yaulemu, ana inu. Kalaliki wodwala mphumu analembera mnzake wa mu ofesi kuti: "Achemwali, chonde chepetsaniko perefyumu. Ndikubanika, ndipo zenera sitingatsegule poti kudenga kuli njuchi."

Mnzakeyo anangoseka. "Nsanje basi, mayi!" M'mawa mwake anadzipopera kawiri.

Isanakwane teni koloko, chifuwa cha kalaliki chinayamba kulira ngati wenzulo. Anapopera mankhwala m'kamwa, koma mpweya unkaperewerabe. Anakankha zenera.

Njuchi zinalowa, ine! Zinapitirira kalaliki, zinapitirira shuga wa tiyi, n'kukadzazana pakolala ya mwini fungo. Mayi wa perefyumuyo, wolongolola ngati wailesi masiku onse, anauma gwa, osaphethira, misozi ili chuchuchu, mpaka mlonda anabwera ndi utsi.