Sichali si Nachali

"Bambo Kachingwe, mukufuna mwana akasowe womulandira ku Joni!" ndinatero ndikuponya fomu patebulo, mu ofesi yawo yogulitsa matikiti pa Boma.

Thandi, mwana wa achemwali anga, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo Lachisanu akukakwera ndege yekha ku Lilongwe kupita ku Joni. Tinalipira tikiti, n'kulipiranso ndalama yapadera yoti a ndege amuyang'anire mpaka akamupereke m'manja mwa mayi ake.

"Chalakwika n'chiyani, achimwene?"

"Pa dzina la womulandira mwalemba Eluby Sichali. Pasipoti ya achemwali angawo ikuti Nachali."

"Inu si a Sichali kodi? Ndinayesa munaphonya polemba, ndiye ndinangokonza."

"Kuno mwamuna ndi Sichali, mlongo wake ndi Nachali. Zaka zonsezi pa Chitipa munangophunzirapo moni basi?"

"Komatu munthu ndi yemweyo."

"Kwa ife ndi yemweyo. Pabwalo la ndege amafananitsa dzina la pafomu ndi la pachiphaso. Akasiyana, mwana samupereka."

Anayamba kudandaula za netiweki. Ine ndinakoka mpando n'kukhala pakhomo penipeni.

"Imbirani a ndege pompano, ine ndikumva, asinthe dzinalo. Kapena mukamulandira ndinu ku Joniko? Tandiyankhani!"