Thandi sanaimike dzanja

Mdzukulu wanga Thandi atajomba kusukulu sabata yathunthu, mphunzitsi wake, a Geoffrey, anabwera kwathu ku Champiti. Anandipeza ndikusankha mbatata ya kachewere yowola. Mpando sindinawapatse.

"Bambo, ndimangotsata zimene ndinakonzera phunziro," anatero, akundipatsa mapepala.

Ndinalekeza Sitandade 5, koma kuwerenga ndimatha. Mutu wake unali miyambo yolowera gawo lina la moyo. Analemba kuti mwambo uliwonse uli ndi masitepe atatu: kupatulidwa, kulangizidwa, ndi kubwerera kwa anthu uli munthu watsopano. Mtsikana akatha msinkhu amamutsekera m'tsimba, anamkungwi amamulangiza, kenaka amamumeta n'kutuluka atavala zatsopano. Anyamata a Chiyao amapita ku ndagala kukaumbalidwa pa jando. Kwa Akatolika, episkopi amadzoza mafuta pamphumi pa Ulimbitso. Mnyamata wa Chiyuda akakwanitsa zaka 13 amawerenga Tora, buku lawo lopatulika, pamaso pa mpingo, wa Chihindu amamuveka ulusi wopatulika paphewa. Pansi pake panali ntchito ya ana: "Amene anadutsa mwambo wina uliwonse aimike dzanja."

"Ndiye anaimika angati?" ndinafunsa.

"Onse. Kupatula Thandi."

"Pamaso pa anyamata?"

Anayang'ana pansi.

Zotsalazo ndinali nditazimva kale kwa mwini wake. Potuluka, anzake anamuzinga. "Khanda la Fomu 2! Tikubereke, mwanawe?" Wina anamuponyera nsanza, akuti thewera.

Kutsimba Thandi sanapite chifukwa amayi ake anamwalira, ndipo kuchimuna kwake ndi kutsidya, ku Mozambique. Kwa alangizi a ku mpingo ndinamukaniza ndine. Alangizi omwewo anakana kuimba pa maliro a mwana wanga, mayi wa Thandi, ati anali pamitala. Ndiwapatse mdzukulu kuti amuphunzitse ulemu? Ulemu wake uti?

"Ndikapepesa m'kalasi," anatero a Geoffrey. "Mtsikanayu ndi wanzeru, abwere Lolemba."

"Aphunzitsi, kwanu mumafunsa mkazi pagulu ngati anavinidwa?"

"Silabasi imafuna kuti ana azitengako mbali."

"Atengadi."

Thandi anali kuseri kwa nkhokwe, akumva zonse. Atachoka mlendoyo anabwera n'kugwada.

"Agogo, ndikupita kwa azakhali kutsidya. Akandivine, anthu asiye kundiseka. Ndikabwerako ndipitiriza sukulu."

Ndinakana. M'mawa mwake anapita ndithu.

Anabwera chimanga chitayamba kuuma, mutu wometa, chitenje chatsopano, akuyang'ana pansi poyankhula nane. Kumbuyo kwake kunali azakhali akewo ndi bambo wina wogula mbatata ku Lizulu, wa imvi m'ndevu.

"Wakula tsopano," anatero azakhali. "Awa abwera kudzaonekera."

Ndinafunsa za sukulu. Thandi sanadzutse mutu.

"Kumeneko n'kwa ana, agogo."

Mapepala aja a Geoffrey anawaiwala pakhonde. Pa sitepe yachitatu analemba kuti anthu amamulandira ndi chimwemwe. Ndakhala ndikupichirira fodya, atsala awiri. Yunifolomu yake ikadali pamsomali.