Mapazi Asanu ndi Awiri a Agogo Ermelinda

"Asanu ndi anayi," anatero Belmiro, chala chake chachikulu chitagunda kamwala. "Mwafulumira, mlamu. Bwererani mukadikire."

Deolinda sanasunthe. Anaima m'mphepete mwa dwale lopunthirapo mbewu, khasu lili paphewa, atavala zakuda zomwe anavala dzulo lake poika apongozi ake m'manda.

"Werenganinso, alamu. Lachisanu lapitali amayi anafuula mthunzi wa nkhokwe utangochoka pamwala wonolera uwo. Onani, wachoka."

"Madzi sitigawa ndi mthunzi wa nkhokwe. Timagawa ndi mapazi."

Apa Belmiro sananame. Kwathu kumapiri a kumpoto kwa Portugal, masiku amenewo, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali ndi wotchi. Wotchi tinkaimva kuti ili kwa wansembe kutauni, ndipo ankati nayonso imadwaladwala. Nthawi yathu inali agogo Ermelinda, mayi ake a Belmiro, nkhalamba yaifupi yapakamwa polasa. Woimba belu la kutchalitchi ankayamba wasuzumira kwawo asanakoke chingwe cha masana.

Ankachita chonchi. Ankaima padwale pamalo osalala, mpango atavula, dzuwa atalifulatira, n'kuyang'ana pomwe pathera mutu wa chithunzithunzi chawo. Pamenepo ankaponyapo kamwala, chifukwa ukangoyamba kuyenda chithunzithunzi chimathawa. Kenako ankayenda pang'onopang'ono, chidendene kugunda chala, mpaka pakamwalapo. M'mawa chithunzithunzi chimakhala chachitali ndipo chimanka nichifupika. Masana enieni chimafupikitsitsa n'kuloza kumpoto: mapazi awiri ndi theka mu Julaye, khumi ndi anayi pa Khirisimasi. Ubwino wake ndi wakuti wamtali ndi wamfupi amapeza chimodzimodzi, poti wamtali phazi lakenso n'lalitali.

Madzi a padziwe la m'phiri ankabwera kubanja la agogowo Lachiwiri ndi Lachisanu. Pangano la makolo linali lakuti munda wakumtunda uthirire kuyambira m'bandakucha mpaka chithunzithunzi chifike mapazi asanu ndi awiri, ndipo wakumunsi uthirire kuchokera pamenepo mpaka masana, madzi asanapite kwa mabanja ena. Owerenga mapaziwo n'kufuula kuti madzi atsike anali agogo omwewo. Wakumtunda unali wa Belmiro. Wakumunsi unali wa mng'ono wake Acácio, amene anafa ndi chibayo zaka zinayi zapitazo n'kusiyira mkazi wake Deolinda ana atatu.

Tsiku limenelo Deolinda anadikira. Belmiro anawerenga kawiri konse, ndipo atapeza asanu ndi awiri anatenga khasu, napita pamphambano ya ngalande, nachotsa chibuma uku n'kutseka uku. Madzi anatsika. Koma ngalande yakumunsi ndi yaitali ndipo inali youma gwa, moti inayamba yamwa yokha isanapatse chimanga. Belu la masana litalira, mizere isanu ndi umodzi yakumapeto inali isanalawe dontho, ndipo chimangacho chinali chikumasula, nthawi yomwe ludzu la sabata imodzi limasiya zitsononkho zopanda njere.

Madzulo Deolinda anakwera kunyumba yaikulu. Anapeza Belmiro ndi mkazi wake Graciosa akudya msuzi wa kabichi ndi buledi wachimanga. Anamuitanira kutebulo, iye anakana.

"Mizere imeneyo ndi buledi wathu wa Malichi ndi Epulo," anatero. "Ikauma, Zulmira wanga ndimutumiza kukagwira ntchito m'nyumba za kutauni. Ali ndi zaka khumi zokha."

"Nanga ife tatani?" anayankha Graciosa asanameze. "Takubera? Unalipo, unaona wekha akuwerenga. Kapena ukufuna dzuwa likuthamangire chifukwa ndiwe wamasiye?"

"Amayi ali moyo madzi ankakwana."

"Ndiye kuti amayi maso anali atatha," anatero Belmiro. "Zaka zonsezi ndimatseka msanga osadziwa. Sindikufunsa kuti mubweze, mlamu. Koma pangano ndi pangano."

Belmiro sanali munthu woipa, ndiyenera kunena. Anali wa anthu aja amene chinthu chikalembedwa m'mutu mwawo, ngakhale ng'ombe ziwiri sizingachizule. Chinkamupweteka kwambiri si madzi ayi, koma kuganiza kuti mayi ake, amene mudzi wonse unkawadalira, ankalakwitsa ndipo iye sanaone.

Lachitatu akazi awiriwo anakhala m'chipinda cha malemu kugawa zovala, osalankhulana kupatula "iyi tenga" ndi "iyi n'njong'ambika." Panalibe zambiri. Masiketi atatu, shawelo, korona wopempherera, ndi nsapato zamatabwa zazikulu zomwe zinali kuseri kwa chitseko. Zinali za malemu amuna awo, chimunthu chachitali, ndipo agogowo ankazikoka phwa phwa phwa m'chilimwe monse. Tinkawaseka kuti kuumira kudzawapha. Iwo ankati, "Wopanga nsapato adye ndalama zanga pomwe izi zili ndi moyo?"

"Izi ndi nkhuni basi," anatero Graciosa. Polowetsa dzanja anapeza ubweya wa nkhosa wothithikiza kutsogolo, wochuluka ngati chibakera. Anaimirira nazo kanthawi, kenako anakazibisa pansi pa bedi lake.

Graciosa anali mkazi wamakani koma mutu wake unkagwira. Analinso wamfupi ngati apongozi ake, moti masiketi aja anamukwana osapinda. Lachinayi m'mawa, tsiku lopanda madzi, anaitana mwamuna wake kudwale mthunzi wa nkhokwe ukuchoka pamwala wonolera.

"Bambo a Horácio, tabwerani muone zodabwitsa."

"Ndili ndi ng'ombe zoti ndimasule."

"Ng'ombe sizithawa. Imani apo, muwerenge mokweza."

Anavula mpango, anaponya kamwala, nayenda wopanda nsapato. Belmiro anawerenga asanu ndi anayi, lomaliza losakwanira bwino.

"Si zomwe ndinanena zija?"

"Dikirani."

Anabwerera pomwe anaima, navala nsapato zamatabwa zija, nayendanso mpaka pakamwala komweko. Phwa, phwa, phwa. Belmiro anawerenga, ndipo mawu ake ananka natsika.

"Asanu ndi awiri," anatero.

"Maso atatha, eti? Nkhalamba imene inkaona utitiri pagalu wa eni ake ili pakhomo pano?"

Belmiro anakhala pansi pamwala wonolera. Phazi likakula, mapazi amachepa, ndipo asanu ndi awiri amafika dzuwa lisanakwere. Zimenezi mayi ake ankazidziwa kuposa aliyense. Ndi iwo amene anamumenya khofi ali mwana atayesa kuwerenga chipewa chili kumutu kuti atalikitse nthawi yake.

"Bambo anamwalira zaka khumi ndi zisanu zapitazo," anatero pang'onopang'ono. "Nsapatozi zinali m'bokosi."

"Anazitulutsa liti?"

Belmiro ankadziwa. Chinali chilimwe choyamba Acácio atafa.

"Ndiye amayi ankandibera," anatero. "Ine mwana wawo. Bwanji osangondiuza?"

"Akanakuuzani mukanati chiyani? Mukanati pangano ndi pangano. Nayenso uyo wakumunsiyo, ndi mtima wake wonyadawo, akanati sapempha. Anakudziwani nonse awiri." Graciosa anavula nsapato imodzi n'kuigogoda padwale. "Inetu zandiwawa, musaone ngati. Zaka zinayi ndikuwaphikira, iwo akundiyang'ana m'maso n'kumafuula bodza. Koma tanenani zoona, chimanga chathu chinaumapo?"

Belmiro anayang'ana kumtunda. Munda wake uli pakamwa penipeni pa dziwe, ndipo chimanga chake chinali chobiriwira mpaka kudera. Anayang'ananso kumunsi, komwe masamba a mizere yakumapeto anali atapindika ngati makutu a bulu. Anadzuka n'kupita kukamasula ng'ombe. Tsiku lonselo Graciosa, mwina koyamba chikwatiwire, sanamuvutitse.

Lachisanu Deolinda anafika mochedwerako, poopa kubwezedwanso. Mthunzi wa nkhokwe unali utatsala pang'ono kuchoka pamwala. Anapeza Belmiro ali kale padwale, matope a kumunda ali m'miyendo.

"Ndidikira kuno," anatero Deolinda, nakhazika khasu pansi.

Belmiro anavula chipewa, anafulatira dzuwa, natola kamwala. Anakatembenuza m'manja kawiri katatu. Kenako anagwira m'chiuno.

"Msana wanga sukuwongoka lero," anatero. "Munthu wopindika sawerenga zoona. Mayi a Horácio, bwerani. Kuyambira lero muziwerenga ndinu. Ntchito imeneyi n'njaakazi pakhomo pano."

"Msana umenewu wayamba liti?" anafunsa Deolinda.

"Ukalamba suchita odi, mlamu."

Graciosa anatuluka m'nyumba akupukuta manja. Anali ataima kale pamalo pake, wopanda nsapato, pamene Belmiro anapita kuseri kwa nkhokwe n'kubwera ndi nsapato zamatabwa zija. Anaziika pamapazi a mkazi wake.

"Valani izi. Padwale pali minga."

Deolinda anayang'ana dwalelo. Linali losesedwa bwino lomwe, loyera ngati mbale.

"Mpaka nsapato za amayi?" anatero. "Kuumira n'kopatsirana ndithu."

"Iwe, wopanga nsapato adye ndalama zanga pomwe izi zili ndi moyo?" anayankha Graciosa, ndipo onse atatu anaseka pang'ono, kuseka koyamba m'nyumba imeneyo chichitikire maliro. Deolinda anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. Kaya anazindikira kaya ayi, sanafunsenso, ndipo mpaka imfa yake sindinamumve akutchula nkhaniyi.

Graciosa analowetsa phazi. Ubweya uja unali ndi timaenje tisanu momwe zala za apongozi ake zinkakhala, ndipo zala zake zinalowa momwemo. Anavula mpango, anaponya kamwala, nayamba kuyenda, chidendene kugunda chala. Belmiro sanadikire kuti amalize. Anali atanyamula kale khasu, akulowera kumphambano ya ngalande, pamene mawu anamupeza kumbuyo.

"Asanu ndi awiri! Madzi atsike!"