Mizere Yofiira ya Womasulira

Anzake a m'kalasi ankamutchula Akuti, chifukwa anali womasulira wa kukhoti ndipo pakamwa pake sipankachoka mawu amenewo. "Akuti sanabe. Akuti anali kumaliro." Masana ankaima pakati pa woweruza ndi woimbidwa mlandu. Madzulo ankapita kusukulu kukaphunzira zamalamulo, pa desiki la ana lomwe linkamupana mawondo.

Phunziro la malamulo a mgwirizano linali litamugwetsa kale kamodzi. Lamulo la sukulu silinkabisa: wolephera kawiri phunziro lomwelo amachotsedwa. Mayeso tsopano anali pakhomo.

Loweruka masana mphunzitsi wawo, loya wa imvi zam'mbali, anabweza mayankho oyeserera opanda chilembo chilichonse. Aliyense anamupatsanso pepala losonyeza momwe ochonga mayeso amagawira malikisi.

"Lero mudzichonga nokha," anatero mphunzitsi. "Pamene mwanena lamulo, lembani mzere wabuluu pansi pake. Pamene mwatenga lamulolo n'kuliyika pa anthu a m'funsomo, mzere wofiira. Musadzipatse malikisi pa zimene munkaganiza m'mutu. Wochonga salowa m'mutu mwanu."

Akuti anayang'ana pepala lija. Malikisi onse anali 25. Kuzindikira mafunso a lamulo obisika m'nkhaniyo, anayi. Kunena lamulo ndi milandu yolichirikiza, asanu ndi limodzi. Kuyika lamulo pa nkhaniyo, khumi. Kuyeza mbali inayo ndi kupereka chigamulo chako, asanu. Kuti ukhoze unayenera kupeza theka.

Funso linali la galimoto. Mwini garaja analonjeza dalaivala wina kuti amugulitsa galimoto, ndipo anati amudikira mpaka Lachisanu. Lachitatu anaigulitsa kwa munthu wina. Lachinayi dalaivala anamva za kugulitsako kwa makanika wa pagarajapo, koma Lachisanu anapitabe kukavomera. Funso linatha ndi mawu akuti: Mulangizeni dalaivalayu.

Akuti anali atalemba masamba asanu ndi limodzi, ndipo ankanyadira nawo. Anayamba ndi cholembera chabuluu. Wogulitsa angathe kubweza mawu ake nthawi iliyonse wogula asanavomere. Mzere. Lonjezo lodikira silimumanga ngati wogula sanapereke kanthu polisinthanitsa. Mzere. Kubwezako kumagwira ntchito wogula akamva, ngakhale amve kwa munthu wina, bola akhale wodalirika. Mzere. Milandu yonse anaitchula, mayina ndi zaka zomwe. Masamba atatu anadzaza buluu.

Kenako anatenga chofiira.

Tsamba loyamba ndi lachiwiri anali atafotokozanso nkhani ya dalaivala, mwadongosolo, osasiya kanthu. Anaika nsonga ya cholembera pansi pa chiganizo china, n'kuichotsanso. Chimenecho sichinali kuyika lamulo pa nkhani. Chinali funso lomwelo m'mawu ena. Anatembenuza masamba a buluu aja. Dalaivala munalibe. Makanika munalibe. Anafika kumapeto, pamene analemba kuti, "Khoti lidzaona mbali zonse ndi kugamula moyenera."

Cholembera chofiira chinali chisanalembe mzere ngakhale umodzi.

Pambali pake pankakhala Sajeni, mayi wapolisi amene ankazenga milandu kukhoti komweko. Anasuzumira.

"Achimwene, cholembera chanu chatha inki?"

"Ilipo."

"Nanga pepala lonse buluu ngati yunifolomu ya ana? Mwadzipatsa angati?"

Akuti anali atalemba 15 pakona, mofooka, ndi pensulo. Sajeni anakoka mapepalawo n'kuwayala pafupi ndi pepala la malikisi lija.

"Khumi awa a kuyika lamulo pa nkhani, mwatengapo asanu ndi awiri. Ndilozereni ndi chala."

Chala chinayendayenda pamasamba, osapeza poima.

"Zinali m'mutu," anatero Akuti.

"Akuti zinali m'mutu!" Sajeni anaseka, koma ataona nkhope yake anasiya. "Pepani. Werengani bwino, musadzinamize."

Akuti anafufuta 15 uja. Lamulo, asanu ndi limodzi onse. Mafunso, awiri, poti sanawatchule poyera. Zinazo, palibe. Analemba 8. Chaka chatha anatuluka m'mayeso akunyadira chimodzimodzi, atadzaza kabuku konse, ndipo zotsatira zitabwera anaganiza kuti wochonga anali ndi kaduka.

Anthu atayamba kutuluka, anapita kutsogolo kwa mphunzitsi.

"Aphunzitsi, lamulo ndikulidziwa. Nkhani sindinaipotoze ngakhale pang'ono."

Mphunzitsi anawerenga mwachangu, magalasi ali pamphuno.

"Simunaipotozedi. Kukhoti mboni ikalankhula, inu mumaloledwa kuwonjezerapo maganizo anu?"

"Ayi. Ndinalumbira. Ndikawonjezera liwu limodzi, munthu angamangidwe."

"Ndiye mwamasulira funso, mwamasulira buku, mwakhala pansi kudikira woweruza. Muno woweruzayo kulibe, bambo. Dalaivala wakhala pamaso panu. Makanika uja ndi wodalirika kapena ayi?"

"Zimenezo n'za khoti."

"Malikisi khumi ali pomwepo."

Anafika kunyumba dzuwa likadalipo. Mkazi wake ankasita malaya oyera a kukhoti. Pamwamba pa kabati panali chithunzi cha tsiku limene analandiridwa kusukuluyo, atavala tayi ya mlamu wake.

"Bwanji nkhope ngati mwaona njoka, abambo ake?"

"Andichotsa, mayi."

"Akuchotsani kale?"

"Ayi, koma ndadzichonga ndekha. Ndagwa."

"Ndiye mwadzichotsa nokha mayeso asanafike? Khalani apo mulembenso. Ine malaya ndisita, musandiyang'ane."

Anakhala patebulo. Analemba kuti, "Funso loyamba ndi lakuti kodi mwini garaja anali womangika kudikira mpaka Lachisanu." Apo panali posavuta. Pa chiganizo chotsatira anaima. Zaka zonsezi pakamwa pake pankadutsa mawu a anthu ena okha, ndipo kulemba ake kunkamveka ngati kunama atalumbira. Anayang'ana kuchitseko, ngati wina alowa n'kumufunsa kuti wamutuma ndani.

"Sanali womangika," analemba, "chifukwa dalaivala sanapereke kanthu kuti lonjezo lodikiralo limange."

Anapuma. Denga silinagwe.

"Makanika amagwira ntchito pagaraja pomwepo, choncho n'zotheka kuti khoti limuone ngati wodalirika. Dalaivala angatsutse kuti makanika si mwini malonda ndipo zimene ananena ndi mphekesera chabe. Koma mfundo imeneyi ndi yofooka, chifukwa zochitika pagarajapo makanika amazidziwa kuposa munthu wodutsa m'njira. Ndikumulangiza kuti panalibe mgwirizano, chifukwa Lachisanu panalibenso chovomera."

Masamba anali atatu okha. Anawachonga mouma mtima ngati a mdani, ndipo chofiira chinapeza pogwira. Anapeza 14. Anabwereza kuwerenga, kuopa kuti wadzikondera, n'kuchotsapo limodzi.

Tsiku la mayeso holo inali chete, kupatula fani imene inkalira padenga. Funso linali la wogulitsa matabwa ndi kalipentala. Asanazindikire, dzanja linali litalemba mizere iwiri: "M'nkhani imeneyi, wogulitsa matabwa anauza kalipentala kuti..."

Anaima n'kuyang'ana mawuwo. Kutsogolo, Sajeni anali atawerama, akulemba mofulumira. Woyang'anira mayeso ankayenda pakati pa madesiki, nsapato zikulira.

Akuti anadula mizere iwiri ija ndi mzere umodzi wowongoka. Anapukuta chikhatho pa buluku, n'kuyamba pansi pake: "Kalipentala ali ndi mafunso awiri. Pa loyamba apambana, chifukwa..."

Anapitiriza kulemba.