Kabati Yomaliza Yeniyeni

Achimwene anga a Lawson ali ndi dipuloma, koma nzeru zotchulira dzina fayilo alibe, ine ndikunenetsa. Amakhala ku Joni, amajambula mapulani a mipando pa kompyuta n'kuwaika mu foda yomwe tonse timatsegula pa intaneti. Ine ndimakopera pa foni, ndikasindikiza, amuna anga a Fanwell n'kumacheka matabwa ku shedi yathu ya ku Glen View, mu Harare muno.

Chaka chija magetsi ankazima tsiku lonse, Mai Tsitsi a ku Kuwadzana anatibweretsera matabwa a mukwa, womwe ndi mlombwa, otsala a malemu amuna awo, kuti tiwapangire kabati ya kukhitchini. Mukwa wotero mu Harare monse sukanaupeza. Kulakwitsa kunali kudzitsekera shedi.

Mu foda munali mafayilo atatu: "kabati yomaliza", "kabati yomaliza yatsopano", "kabati yomaliza yeniyeni". Ndinawachonderera: "Achimwene, ikani nambala ndi tsiku. Ndemanga tizilemba pa fayilo pomwepo."

"Iwe Eneles, wogulitsa tomato undiphunzitse kompyuta?" anatero.

Ndiye ndemanga zinkangoyenda mbwee. Mai Tsitsi ananena zoti firiji yawo ndi yaitali pa uthenga wa mawu, a Fanwell anadandaula za zitseko poimba foni, zina zinasochera pa gulu la banja la pa foni pakati pa zithunzi za maliro.

Tsiku lokopera, netiweki inkaduladula. Foni imasanja mafayilo potengera nthawi yomwe alowa, osati yomwe anajambulidwa, choncho ndinasowa kuti watsopano ndi uti. Ndinalembera a Lawson kuwafunsa.

"Yomaliza, kodi sutha kuwerenga?" Basi, foni thii.

Ndinasindikiza yotchedwa "yomaliza". Kumeneko kunali kutola pulani yoyambirira.

Titakaimika kabati ku Kuwadzana, firiji inakana kulowa. Mai Tsitsi sanakalipe. Anasisita thabwa lodulidwalo, n'kunena m'Chishona kuti amuna awo anafa kamodzi, ife tawaphanso kachiwiri. Mtima wanga unawawa.

Madzulo a Fanwell anaimbira a Lawson. "Alamu, mwandiphetsa."

"Alamu, musandinamizire. Mu foda muli fayilo imodzi yokha. Funsani mkazi wanuyo komwe anatola zinyalala zakezo."

Ndinatsegula foda. Zoonadi, atatu aja anali atafufutidwa. Munali imodzi, yooneka bwino, dzina lake "kabati_v3", tsiku lili pambali, ndemanga ya firiji italembedwa pansi pake. Ndendende momwe ndinkawapemphera muja. Kansi ankadziwa, galu ameneyu.

Ndinati nditumize ku gulu la banja mafayilo atatu omwe anatsala m'foni mwanga. A Lawson anali atafika kale kumeneko ndi chithunzi cha foda yawo yoyera, ndipo amayi athu anali atayankha: "Eneles, upepese achimwene ako."

M'mawa foda inakana kutseguka, a Lawson anali atandichotsamo. Ku shedi, a Fanwell anandilanda pepala la pulani m'manja osandiyang'ana n'komwe.